Funso limodzi, mayankho anayi: kulemba mafunso a rifulekishoni, roteshoni ndi tiransileshoni popanda chojambula

"Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale yoyendera kufupi ndi Kamwendo kuno ku Mchinji. Tilibe makina okopera mapepala, ndiye mafunso ndimalemba m'mawu okhaokha, ana n'kumajambula okha m'makope. Gulu lomwe likutsalira ndimalilembera m'Chichewa. Sabata yatha ndinalemba kuti: 'Thirayango ABC ili ndi makona A(2, 1), B(5, 1) ndi C(2, 3). Itembenuzeni kuti ikhale kumanzere kwa mzere wa y.' Ine ndimafuna rifulekishoni, koma ndalandira mayankho anayi osiyana, ndipo mwana aliyense akulimbikira kuti wakhoza. Ndichonge bwanji? Nanga mafunso oterewa ndiziwalemba bwanji?"
Mphunzitsi wamkazi, Mchinji

Madamu, mtima ukhale m'malo. Mwana amene watha kuika madontho atatu pamalo pake, n'kusamutsa thirayango yonse osaifupikitsa kapena kuipinda, wagwira kale gawo lalikulu la mutu umenewu. Chomwe chawabalalitsa ndi mawu amodzi okha, "itembenuzeni".

Taganizani mmene timawagwiritsira ntchito mawuwa pakhomo. Mayi akamakazinga zitumbuwa amatembenuza, kutanthauza kuti kunsi kwabwera pamwamba. Munthu ukamuitana kumbuyo amatembenuka, kutanthauza kuti wazungulira pamalo pomwepo. Choyambacho ndi rifulekishoni, chachiwiricho ndi roteshoni, ndipo Chichewa chathu chimazitchula ndi mawu amodzi. Choncho mwana amene anapeza (−2, 1), (−5, 1) ndi (−2, 3) anachita zomwe munkafuna. Amene anapeza (−1, 2), (−1, 5) ndi (−3, 2) anazungulitsa madigiri 90, ndipo thirayango yake ilidi kumanzere kwa mzere wa y. Amene anapeza (−2, −1), (−5, −1) ndi (−2, −3) anazungulitsa madigiri 180, nayenso ali kumanzere. Mwinanso alipo wina amene anangoikankha thirayangoyo n'kuidutsitsa mzere. Yekhayu ndi amene mungamuuze kuti sanatembenuze kanthu. Atatu enawo amvera zomwe zinalembedwa.

Pochonga, ine ndikanawapatsa malikisi ana atatu onsewo, bola mbali AB ikhale timabokosi 3 ndipo AC ikhale timabokosi 2 monga poyamba. Musawachotsere chifukwa chosadziwa zomwe zinali m'mutu mwanu. Koma makope amenewo musafulumire kuwabweza. Lembani mayankho onse anayi pabolodi, ana akangane okha kuti funsolo linasowa chiyani. Ndinachitapo zimenezi pa sukulu ina kuno ku Kasungu, funso langa litabala mayankho atatu, ndipo phunziro la tsikulo anawo analikumbukira kuposa ena onse a teremu imeneyo.

Funso lachojambula limabisa zofooka zake, chifukwa mwana amaona pomwe pali mzere ndi komwe kwaloza muvi. Funso la mawu okha lilibe pobisala. Chilichonse chomwe diso likanaona chiyenera kulembedwa, ndipo funso lakwanira pokhapokha ngati munthu amene sanakumveni mukuphunzitsa angapeze yankho limodzi lokha. Kusamutsa kulikonse mwa mitundu itatuyi kuli ndi zinthu zake zomwe sizingasiyidwe. Tiyeni tiyende nayo thirayango yanu yomweyo.

Ndiyambe ndi tiransileshoni poti ndi yosavuta. Mawuwa amasokoneza ana ena chifukwa m'kalasi ya chiyankhulo amatanthauza kumasulira, ndiye auzeni msanga kuti m'masamu ndi kukankha chinthu monga tikankhira desiki pansi, osainyamula, osaizungulitsa. Pamafunika manambala awiri: timabokosi tingati kumanja kapena kumanzere, ndi timabokosi tingati kumwamba kapena kumunsi. Funso likhale lotere: "Kankhani thirayango ABC timabokosi 7 kumanzere ndi timabokosi 2 kumwamba. Lembani makowodineti a A′, B′ ndi C′." Kona iliyonse ichotsedwe 7 pa x ndi kuonjezeredwa 2 pa y, ndipo tipeza A′(−5, 3), B′(−2, 3) ndi C′(−5, 5). M'mabuku ndi pamayeso manambala awiriwa amasanjidwa ngati vekita, ya x pamwamba, ya y pansi:

```
( −7 )
(  2 )
```

Cholakwa chomwe ndachiona chaka ndi chaka chimatuluka mukalitembenuza funso, kuti mwana afotokoze yekha zomwe zachitika. Amawerenga mpata wa pakati pa mathirayango awiriwo. Yoyamba imayambira pa x = 2, yachiwiri imathera pa x = −2, mpata wake ndi timabokosi 4, basi mwana walemba kuti yasuntha 4. Mukaona 4 pamalo pa 7, dziwani kuti ndi zimenezo. Mankhwala ake ndi kumuuza aike chala pa A, ayende mpaka pa A′, osayang'ana kona ina iliyonse. Mukaona 8 pamalo pa 7, ameneyo akuwerenga mizere kuphatikizapo umene waimapo, m'malo mowerenga madumpho.

Rifulekishoni imafuna chinthu chimodzi chokha, mzere wa galasi, koma mzerewo utchulidwe ndi dzina lake lenileni. Funso lanu likanakhala: "Mzere wa y ndi galasi. Jambulani chithunzi cha thirayango ABC m'galasimo." Dontho lililonse limawoloka galasi molunjika, n'kukaima kutsidya pa mtunda wofanana ndi umene linali nawo kuno. A ali timabokosi 2 kuchokera pagalasi, A′ akhalanso timabokosi 2 kutsidya, pa (−2, 1). B ali timabokosi 5, B′ akhala pa (−5, 1). Onani kuti B, amene anali kutali ndi galasi, wakhalabe kutali. Mwana amene wajambula B′ kufupi ndi galasi kuposa A′ wangokankha, sanagadabuze.

Apa pali msampha wina umene umagwira ngakhale ana anzeru, ndipo ndikupemphani muutchere dala papepala lanu. Lembani kuti galasi ndi mzere wa x = 1. Ambiri akangoona chilembo x amajambula mzere wogona, poganiza kuti uyenera kufanana ndi mzere wa x. Koma x = 1 ndi mzere woimirira, chifukwa ndi madontho onse amene nambala yawo yoyamba ndi 1: (1, 0), (1, 1), (1, 2), kumangokwera choncho. Mzere wa y womwewo dzina lake lina ndi x = 0. Kwa gulu lotsaliralo, mafunso awiri oyamba aziwathandiza motere: "Galasi ndi mzere woimirira x = 1, umene ukudutsa pa (1, 0) ndi (1, 5)." Kenaka thandizolo muzilichotsa pang'onopang'ono. Yankho lake: A ali bokosi limodzi kumanja kwa galasi, apita pa (0, 1). B ali timabokosi 4, apita pa (−3, 1). C apita pa (0, 3). Mwana amene wangosintha zizindikiro n'kulemba (−2, 1) waloweza lamulo la mzere wa y ndipo akuligwiritsa ntchito pagalasi lililonse.

Galasi lopendekeka, y = x, ndi lomwe limavuta zenizeni. Diso la mwana linazolowera kuwoloka chopingasa kapena chotsika, ndiye amawoloka galasi lopendekeka moteromo, chithunzi n'kukhota. Kuwoloka koyenera n'kodula galasi pa madigiri 90, kudutsa m'makona a timabokosi. Ndimawauza apendeketse kope mpaka galasilo liime chilili pamaso pawo, ndipo ambiri amaona nthawi yomweyo. Pa manambala, x ndi y amangosinthana malo: A′(1, 2), B′(1, 5), C′(3, 2). Koma chenjerani ndi thirayango yanuyi, Madamu. Mzere wa y = x ukuidula pakati, chifukwa A ndi B ali kumunsi kwake pomwe C ali kumtunda. Galasi la masamu limaonetsa mbali zonse ziwiri, moti C atsikira kumunsi pomwe A ndi B akukwera, ndipo dontho (2, 2), lomwe lili pambali AC komanso pagalasi penipeni, silisuntha. Limeneli ndi funso labwino kwa ana othamanga. Kwa oyamba kumene lingawagwetse ulesi, choncho lisungireni kumapeto kwa pepala.

Tsopano roteshoni, kumene kumatayika malikisi ambiri. Imafuna zinthu zitatu: pozungulirapo, kukula kwa ngodya, ndi mbali yolowera. Chosowa kawirikawiri ndi choyambacho, kwa ana ndi kwa ife aphunzitsi omwe.

Ine pozungulirapo ndimapatchula chikhomo, chifukwa palibe mwana wa kwathu kuno amene sanaonepo mbuzi yomangidwa nthawi ya dzinja. Chingwe chikakungika, mbuzi imayenda mozungulira, koma mtunda wake kuchokera pachikhomo susintha. Ukazula chikhomo n'kukakhoma pena, mbuzi yomweyo ndi chingwe chomwecho zikadya msipu wina. Thirayango yanu, mukaizungulitsa madigiri 90 mosemphana ndi wotchi chikhomo chili pa (0, 0), ikafika pa (−1, 2), (−1, 5) ndi (−3, 2). Chikhomo chikakhala pa A mwini, A sasuntha, B akwera pa (2, 4), C apita pa (0, 1). Ngodya ndi yomweyo, mbali ndi yomweyo, koma malo ndi ena. N'chifukwa chake funso losatchula chikhomo lilibe yankho limodzi.

Za mbali yolowera ndiime pang'ono. Mabuku amati motsata wotchi kapena mosemphana ndi wotchi, koma ana ambiri lero nthawi amaionera pafoni, wotchi yamivi sanaiyang'anitsitsepo. Pamwamba pa pepala lanu lembani chiganizo chimodzi: "Motsata wotchi ndi mmene timapotokolera chitsekerero potseka botolo, tikuliyang'ana kuchokera pamwamba. Mosemphana ndi wotchi ndi mmene timatsekulira." Dzanja la mwana likudziwa kale zimenezi. Musalembe kuti "zungulitsani kumanja", chifukwa gudumu likamazungulira, pamwamba pake pakamapita kumanja pansi pake pamapita kumanzere, ndiye mawuwo satanthauza kanthu mpaka mutanena mbali yomwe mukuyang'ana. Pa madigiri 180 pokha ndi pomwe mbali sifunika, poti ukalowera uku kapena uko ukafika pamodzimodzi. Ndipo mwana akalemba madigiri 270 motsata wotchi pamene inu mumayembekeza 90 mosemphana, mpatseni malikisi ake, ndi chinthu chimodzi. Mukakumana ndi funso lolemba +90° popanda kutchula mbali, mwambo wa masamu ndi woti ngodya ya pulasi imapita mosemphana ndi wotchi, ya mayinasi motsata.

Malamulo a chikhomo cha pa (0, 0) ndi awa:

```
90° mosemphana ndi wotchi:  (x, y) → (−y, x)
90° motsata wotchi:         (x, y) → (y, −x)
180°:                       (x, y) → (−x, −y)
```

Sindikonda kuwapereka koyambirira. Ana amawaloweza usiku, m'mawa awiri oyambawo asokonekera, ndipo chikhomo chikangochoka pa (0, 0) onse atatu amanama. Ndimayamba ndi njira ya ulendo, imene imagwira pachikhomo chilichonse, ndipo imalembeka bwino m'mawu. Mwana aime pachikhomo, anene ulendo wokafika pakona: timabokosi tingati kumanja, tingati kumwamba. Akatero azungulitse ulendowo. Pa madigiri 90 mosemphana ndi wotchi, kumanja kumasanduka kumwamba, kumwamba kumasanduka kumanzere, kumanzere kumasanduka kumunsi, kumunsi kumasanduka kumanja. Aimirire m'kalasi, atambasule mkono kumanja, aukweze mpaka uloze kudenga, aupitirize kumanzere. Akachita kawiri katatu saiwalanso.

Tiyese ndi funso ili: "Zungulitsani thirayango ABC madigiri 90 mosemphana ndi wotchi, chikhomo chili pa P(1, 0)." Kuchoka pa P kupita pa B(5, 1) ndi timabokosi 4 kumanja ndi kamodzi kumwamba. Tikazungulitsa, ulendo ukhala timabokosi 4 kumwamba ndi kamodzi kumanzere. Tiyambirenso pa P: kukwera 4 tifika pa (1, 4), kamodzi kumanzere tifika pa (0, 4). Ameneyo ndi B′. Kupita pa C(2, 3) ndi kamodzi kumanja ndi timabokosi 3 kumwamba, zomwe zisanduka kamodzi kumwamba ndi timabokosi 3 kumanzere, ndipo C′ ali pa (−2, 1). Kupita pa A(2, 1) ndi kamodzi kumanja ndi kamodzi kumwamba, zisanduka kamodzi kumwamba ndi kamodzi kumanzere, A′ ali pa (0, 1). Tsopano tiyeze. Kuchoka pa A′(0, 1) kufika pa B′(0, 4) ndi timabokosi 3, monga AB. Kuchoka pa A′ kufika pa C′(−2, 1) ndi timabokosi 2, monga AC. Mbali AB inali yogona, tsopano yaimirira, monga ziyenera kukhalira pa madigiri 90. Mwana akakubweretserani A′ pa (−1, 2) pafunso limeneli, musavutike kufufuza: wagwiritsa ntchito lamulo la pa (0, 0), P sanamuone n'komwe.

Amene akuvutikabe apatseni choti agwire. Pepala lowonekera logula silipezeka paliponse, koma jumbo ya shuga yopanda kanthu, mukaidula n'kuiyala, imagwira ntchito yomweyo. Mwana ajambulepo thirayango ndi bolopeni, ajambulenso kamuvi koloza kumwamba, abaye pachikhomo ndi nsonga ya pensulo, azungulitse mpaka kamuviko kaloze kumanzere. Popanda kamuviko sadziwa poimira, amangozungulitsa mongoyerekeza.

Gawo lachiwiri la pepala lanu likhale lobwerera m'mbuyo: mupereke makona a thirayango yoyamba ndi a chithunzi chake, mwana afotokoze mokwanira kusamutsa kumodzi komwe kwachitika. Apa pali njira yozindikirira imene ndimaikonda kwambiri chifukwa simafuna chida. Muuzeni mwana aganize kuti waima pa A, wayang'ana kwa B, ndiye anene dzanja lomwe kuli C. Pa thirayango yanu yoyamba, C ali kudzanja lamanzere. Achite chimodzimodzi pachithunzi. Pa yankho lomwe munkafuna lija, ataima pa (−2, 1) kuyang'ana ku (−5, 1), C′ ali kudzanja lamanja. Dzanja lasintha, ndiye pa mitundu itatuyi imeneyo ndi rifulekishoni. Pa yankho la madigiri 180, ataima pa (−2, −1) kuyang'ana ku (−5, −1), C′ ali pa (−2, −3), kudzanja lamanzere monga poyamba. Kukankha ndi kuzungulitsa sizisintha dzanja. Patapata wa phazi lamanzere, kaya umukankhe kaya umuzungulitse pansi tsiku lonse, sasanduka wa phazi lamanja, koma m'galasi amaoneka wamanja. Dzanja likakhala losasintha, chotsala n'kuona mbali AB: ngati ikulozabe komwe inkaloza, thirayango yangokankhidwa. Ngati yaloza kwina, yazungulitsidwa.

Akazindikira mtundu, atchule zonse zofunika. Mzere wa galasi amaupeza polumikiza A ndi A′ n'kupeza pakatikati pake, chimodzimodzi B ndi B′ komanso C ndi C′, galasi limadutsa pa madontho apakatiwo. Chikhomo cha madigiri 180 chili pakatikati pa A ndi A′. Cha madigiri 90 chimafuna kampasi: mzere wodula AA′ pakati pa madigiri 90, winanso wodula CC′ moteromo, pomwe ikumana ndi pachikhomo. Ngati makampasi ndi ochepa, jumbo ija ithandiza, mwana aziyesa kubaya malo osiyanasiyana mpaka makona onse atatu agwere pamalo pake. Pochonga gawo limeneli, ikani malikisi pa chinthu chilichonse padera, ndipo muwauze anawo: "roteshoni" yokha ndi malikisi amodzi, chikhomo ena, ngodya ndi mbali ena. Mwana akadziwa kuti mawu amodzi sakwanira, amayamba kufunafuna zotsalazo.

Thirayango yomwe munasankha ndi yabwino, ndipo ndifotokoze chifukwa chake kuti muzisankha zotere dala. Mbali zake zitatu n'zosiyana kutalika, ndiye ikagadabuzika imaoneka. Sikweya kapena thirayango ya mbali ziwiri zofanana imabisa zolakwa, chifukwa kuikankha ndi kuionetsa m'galasi kungapereke chithunzi chofanana, mwana n'kukhoza mwangozi. Pewaninso kudzaza makona ndi madontho onga (1, 1) kapena (3, 3), poti mwana akasinthanitsa x ndi y simungadziwe. Chilembo F kapena L, kapena kambendera, ndi zabwinonso, bola makona onse akhale ndi mayina.

Zinthu ziwiri zina zilembedwe pamwamba pa pepala. Choyamba, kukula kwa giridi: "Jambulani mzere wa x ndi mzere wa y kuyambira −10 mpaka 10." Muyambe mwawerengera mayankho onse nokha kuti pasakhale chithunzi chogwera kunja kwa kope. Chachiwiri, chomwe chimaiwalika kwambiri: "Bokosi limodzi liimire 1 pa mizere yonse iwiri." Ana anazolowera magirafu ena momwe sikelo ya x imasiyana ndi ya y. Akachita zimenezo pano, thirayango yozungulitsidwa madigiri 90 imatuluka yowonda kapena yonenepa, y = x sakhalanso pa madigiri 45, ndipo njira ya jumbo imapereka yankho labodza.

Mukafika pa mafunso a masitepe awiri, mawu oti "kenaka" ndi ofunika ngati nambala. Tengani A yekha. Mukamukankha 7 kumanzere ndi 2 kumwamba, kenaka n'kumuonetsa m'galasi la mzere wa y, achoka pa (2, 1) kupita pa (−5, 3) n'kukathera pa (5, 3). Mukayamba ndi galasi, apita pa (−2, 1) n'kukathera pa (−9, 3). Komanso nenani momveka kuti sitepe yachiwiri ichitike pa chithunzi A′B′C′, chifukwa ana ambiri amabwerera ku thirayango yoyamba. Funso lina lokoma pamenepa: aonetse ABC m'galasi la mzere wa x, kenaka chithunzicho m'galasi la mzere wa y, ndiye anene kusamutsa kumodzi komwe kukanawafikitsa pomwepo. Apeza (−2, −1), (−5, −1), (−2, −3), omwe ndi madigiri 180 pa (0, 0). Dzanja lasintha kawiri, labwerera mwakale.

Pa nkhani yolemba m'Chichewa, ndikugwirizana nanu, pitirizani. Kungoti mayeso a MANEB a masamu amabwera m'Chingerezi, ndiye pafunso lililonse dzina la kusamutsako lizilembedwa monga lilili m'buku lawo, pambali pa mawu athu. Ndipo mawu athuwo musankhe amodzi pa chinthu chimodzi, osawasinthasintha: kukankha, kuonetsa m'galasi, kuzungulitsa. "Kutembenuza" kuchoke papepala, pamodzi ndi "kusuntha" ndi "kupititsa", chifukwa amakwana pa mitundu yonse itatu.

Pepala likatha, musanalipereke kwa ana, lipatseni mphunzitsi mnzanu, makamaka amene saphunzitsa masamu, pamodzi ndi kope la timabokosi. Inu mukhale chete, osalozera, osafotokoza. Paliponse pomwe iye angafunse kuti "mukutanthauza chiyani apa", pamenepo pakusowa mawu. Ngati muli ndi foni yamakono, mayankho anu mungawatsimikize pa GeoGebra, imene ndi yaulere. Mukalowetsa kona B, mzere wachiwiri wa m'munsimu umakupatsani B′ wa funso la chikhomo P lija:

```
B = (5, 1)
Rotate(B, 90°, (1, 0))
```

Pali zina zomwe kulemba bwino funso sikungathetse. Mukaona kuti ana ambiri akujambula chithunzi molondola koma akulemba makowodineti olakwika chikangowoloka kumanzere kapena kumunsi, vuto lili pa manambala a mayinasi. Imani kaye, mubwerere ku mzere wa manambala masiku awiri, apo ayi muzingothira madzi m'dengu. Ngati simukutsimikiza za mawu omwe ochonga mayeso amayembekeza pofotokoza kusamutsa, khalani pansi ndi mkulu wa dipatimenti yanu ndi mapepala a MANEB a zaka zam'mbuyo, kapena mulitengere funsoli ku msonkhano wa aphunzitsi a masamu a kilasita yanu. Ndipo yang'anitsitsani mwana mmodzi kapena awiri amene zolakwa zawo sizikutsata njira iliyonse mwa zomwe ndatchulazi. Amene amakopera pabolodi −2 ngati 2, kapena 3 ngati 8, mwina sakuona bwino. Muikeni kutsogolo sabata imodzi, zikasintha muwauze makolo apite naye kuchipatala akamuyeze maso. Amene amasokoneza kumanja ndi kumanzere ngakhale kunja kwa kalasi, komanso amalemba b pamalo pa d, mudziwitse mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera kudzera kwa ahedi anu. Pakadali pano muloleni alembe mawu oti "manja" ndi "manzere" m'mphepete mwa giridi yake asanayambe funso lililonse.